Imelo Yonena za Matabwa

Chaka changa chachiwiri ku Chitipa, ndikugwira ntchito m'kabungwe koteteza nkhalango, ndinalemba imelo yopita kulikulu lathu. Inkanena za matabwa a ku Misuku amene ndinawaona akuwoloka malire pa galimoto yathu yomwe. Nditadina kuti ipite, pulogalamu ya imelo inandifunsa pasiwedi. Ndinailemba, koma inafunsanso. Kachisanu ndinamenya tebulo mpaka tiyi anatayika.

Poyamba ndinanamizira netiweki, monga timachitira tonse kuno, koma masamba ena a pa intaneti ankatseguka bwinobwino. Ndinayang'ana dzina la seva yotumizira makalata ndi nambala ya poti, khomo lake lodutsira makalatawo, 587. Zonse zinali m'malo mwake.

Kenako ndinaimbira mnzanga wokonza makompyuta pa boma. Anandikumbutsa kuti pulogalamuyo sinkalowa ndi pasiwedi yaikulu ya akaunti ya ofesi, koma ndi ina yapadera ya zilembo khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Yapaderayo imafa munthu akasintha yaikulu," anatero. "Wasintha ndani?"

Mu ofesi mwathu pasiwedi yaikulu tinkailemba kuseri kwa kalendala. Nditatembenuza, ndinapeza pakona pamenepo atang'ambapo bwinobwino. Kuti ndipange yapadera ina, nambala yotsimikizira ikanapita pa foni ya abwana.

Ndisanakhale pansi, abwanawo anaima pakhomo, makiyi a galimoto ija ali m'manja.

"Mwatandala uli, adada? Yapita kalata yanu ija?" anafunsa mwaulemu, atayamba ndi moni wa chilankhulo cha kuno.

Ine za kalatayo ndinali ndisanauze munthu aliyense.