Chingalawa cha Chigumula pa Tebulo la ku Germantown

Mwana wanga anakwatira mtsikana wa ku Vietnam. Ndikapita kunyumba kwawo m’tauni ya Germantown, ine ndi asewere anga, mayi a mkaziyo, tinkangomwetulirana, poti Chingerezi sachidziwa. Zinkandipweteka, ndipo ndinkazipempherera.

Mpongozi wanga anandiphunzitsa kuti m’chinenero cha kwawo ku Vietnam ukamaloza kapena kuwerenga chinthu, umatsogoza kamawu: “con” pa nyama, “cái” pa zopanda moyo. Tebulo ndi “cái bàn”, nkhuku ndi “con gà”.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi, ndinayala pamaso pa asewere zidole za chingalawa cha chigumula ndi nyama zake. Njovu ndinaitchula bwino, “con voi”. Chingalawacho n’chamatabwa, choncho ndinati “cái tàu”.

Asewere anaseka mpaka misozi. “Con tàu!” anatero, akuchiyendetsa patebulo.

“Amayi, chombo, mtsinje ndi msewu timaziona ngati zoyenda,” anatero mpongozi. “Koma mpeninso ndi ‘con’. Zoterezi mungoloweza.”

Sindinadandaule. Chombo chimene Mulungu anasungiramo mpweya wa zamoyo zonse chingakhale chakufa bwanji?

Kenako asewere ananyamula njovu, nandigwira mkono, kufunsa ndi maso dzina lake la kwathu. Tinacheza mpaka tiyi anazizira.