Imelo Yachikasu

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa kabungwe kena ka zaumoyo, pafupi ndi Kachulu. Ofesi yake inali chipinda chimodzi chamalata, chonunkha matemba chaka chonse chifukwa kuseri kwake anthu ankayanika nsomba. Tinalipo anayi: abwana, adokotala aang'ono omwe ankabwera kawiri pa sabata, mayi wina mlangizi wa m'midzi, ndi ine. Laputopu inali imodzi, imelo imodzi, ndipo tonse tinkalowa ndi pasiwedi imodzimodziyo.

Imelo ya anthu anayi inalibe mwini. Wina ankatsegula, n'kuwerenga, n'kuganiza kuti mnzake ayankha. Tsiku lina ine ndi mlangizi tinayankha kalata imodzi, ine ndikuti inde, iwo akuti ayi. Abwana anachita manyazi kwambiri, ndipo sabata yotsatira anamata memo pachitseko. Anatisainitsanso, ngati tikulandira makuponi a feteleza.

Mfundo zake ndikuzikumbukirabe. Imelo iliyonse iyankhidwe pasanathe masiku awiri ogwira ntchito, yachangu tsiku lomwelo. Woyamba kuitsegula aiikire chizindikiro cha mtundu wake, ndipo ikhala yake mpaka nkhaniyo ithe. Wina asayankhe imelo yokhala ndi chizindikiro cha mnzake. Kuibwezera kuti izioneka ngati yosawerengedwa, chinyengo chomwe tonse tinkachidziwa bwino, kunaletsedwa. Pansi penipeni, pomwe pepala linkapindika ndi mphepo, panali mfundo yachisanu: ukamachoka, pereka maimelo ako kwa mnzako, musinthe chizindikiro. Mtundu wanga unali wachikasu.

Zoona ndinene, memoyo inali yabwino. Ine ndinkainyoza pakamwa pokha, chifukwa chilichonse chochokera kwa abwana ndinkayamba ndachinyoza. Koma ntchito inayamba kuyenda.

Nthawi imeneyo kunali bambo wina wachikulire, wosoka maukonde, yemwe maso onse awiri anachita ng'ala. Lolemba lililonse akazi awo ankawakweza pa kaliyala n'kumakankha njinga kuchokera kumudzi kwawo, ulendo wa maola awiri. Mayiwo sankatha kupalasa atanyamula munthu. Akafika ankaimika njinga pamtengo wa mango, kuwatsitsa amuna awo, n'kuwakhazika pabenchi.

"Akalaliki, kalata ija yabwera?" ankafunsa bamboyo.

Tinawalonjeza kuti madokotala a maso akadzabwera ku chipatala china ku Zomba, dzina lawo lidzakhala loyamba. Mpunga wawo unali ukulimidwa ndi mayiwo okha, ndipo maukonde anthu anasiya kuwabweretsera chifukwa ankasoka mokhotakhota. Ndinkawauza kuti asamavutike, tidzatumiza uthenga. Ankangoseka. Ankati ofesi ukapanda kuionekera imakuiwala.

Imelo ya ku chipatala inafika Lolemba masana, iwo atapita kale. Ndinaitsegula ndine. Madokotala akubwera sabata yamawa, atipatsa malo amodzi, titumize dzina ndi fomu yosainidwa ndi adokotala athu pofika Lachinayi masana. Ndinaika chikasu changa msangamsanga. Adokotala athu ankayenera kubwera Lachitatu, choncho ndinalemba mizere iwiri: talandira, titumiza zonse posachedwa. Ndinadziona ngati munthu wakhama. Tsiku lomwelo, osati masiku awiri!

Lachiwiri m'mawa abwana anandipeza ndikutsegula chitseko. Ku Chisi, pachilumba, anthu anali atayamba kutsegula m'mimba, ndipo ankafuna munthu woperekeza zigubu za kolorini wothira m'madzi akumwa. Bwato linali likunyamuka. Ndinathamanga ndi katundu, ndikuti ndigona tsiku limodzi, Lachitatu ndili pano. Mfundo yachisanu ndinaidutsa pachitseko pomwepo osaiyang'ana.

Lachitatu injini ya bwato inakana. Lachinayi kunawomba mphepo, ndipo eni mabwato anati wofuna kufa apalase yekha. Foni yanga inali itathima kuyambira usiku woyamba, chaja ndinaisiya mu dirowa. Ndikanatha kubwereka ya munthu n'kukwera paphiri kukasaka netiweki. Sindinatero. Ndinadziuza kuti anzanga ali ndi maso, aiona. Ndinali nditatopa ndi kunyamula zigubu, ndipo maganizo amenewo anandikomera chifukwa sankafuna kuti ndidzuke.

Ndinafika Lachisanu, matope mpaka m'mawondo. Imelo inali pomwepo, yachikasu, ndipo pansi pake panali ina ya Lachinayi m'mawa yotikumbutsa. Inalumikizana ndi yoyamba ija, choncho nayonso inavala chikasu changa.

"Achemwali, simunaione iyi?" ndinafunsa mlangizi.

"Ndinaiona, achimwene. Koma inali yanu, komanso inkaoneka kuti mwayankha kale. Ndiye ine nditani? Paja tinasaina."

"Simunaitsegule n'komwe?"

"Ndikanatsegula mukanati ndikulowerera. Mwaiwala tsiku lija tinayankha kalata imodzi tonse awiri?"

Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire chiyani? Mayiyo anachita zomwe pepala linanena. Abwana nawo Lachinayi anayang'ana ngati panali imelo yosayankhidwa, ndipo sanapeze. Mizere yanga iwiri ija inatseka maso a aliyense. Adokotala anabwera Lachitatu, n'kupita, popanda wowauza za fomu.

Ndinaimba ku chipatala ndi foni ya abwana. Mayi woyankha anali waulemu. Anati malo athu anapatsa wina dzulo madzulo, ndipo mndandanda wadzaza. Nditafunsa kuti madokotalawo adzabweranso liti, anati iwonso sakudziwa. Ndinapempha mpaka mawu anga anayamba kundinyansa.

Abwana sanandikalipire. Anachotsa memo pachitseko, n'kulemba ina: mfundo yachisanu inakwera pamwamba, ndipo anawonjezera kuti "talandira" si yankho, komanso kuti imelo yokhala ndi tsiku lomalizira izilembedwa pabolodi. Tinasainanso. Akanangondikalipira, mwina ndikanapepukidwa.

Lolemba ndinaiona njinga ikubwera patali, mayi akukankha, bambo atagwira chishalo ndi manja awiri. Ndinaganiza zothawira kumsika. Ndinakhala.

"Akalaliki, kalata ija yabwera?"

"Inabwera, bambo. Koma tinachedwa kuyankha. Malo anapatsa wina."

Bambowo anatembenuzira nkhope komwe kunkachokera mawu anga. Amene anafunsa ndi akazi awo.

"Anachedwa ndani?"

Kale funso limenelo linali losavuta. Tinkati ofesi, tinkati netiweki, tinkati a ku Zomba, ndipo munthu ankabwerera alibe womuloza chala. Koma kumbuyo kwanga kunali pepala lomwe ndinasaina kawiri.

"Ndine, mayi. Inali m'manja mwanga."

Sanatukwane. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mapazi awo, omwe anali oyera ndi fumbi la maola awiri. Anawagwira amuna awo pamkono, kuwakweza pa kaliyala, n'kutembenuza njinga. Atayenda pang'ono anaima.

"Ndiye tizibwerabe Lolemba, kapena tileke?"

Anadikira pang'ono, n'kuyamba kukankha.

Ndinakhala pa ofesi ija zaka zina ziwiri, ndipo palibe imelo yomwe inagonanso m'manja mwanga. Lolemba lililonse ndinkasesa pansi pa mango paja ndisanatsegule laputopu. Njinga ija sinabwerenso.