Madzi a ku Kabwata owira pa 96

Pulani yanga yoyamba ya phunziro la sayansi ndinailemba bwino zedi, ndili mphunzitsi watsopano pa sekondale ina ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka. Ana anayenera kupanga themomita: kabotolo kodzaza mafuta ophikira, kotseka ndi chitsekerero chobayidwa kapaipi kagalasi kopyapyala. Akakaika m'madzi oundana amene akusungunuka, alembe 0 pamene mafuta aima. Akakaika mu nthunzi ya madzi owira, mafuta akwera, alembe 100, kenako agawe mofanana mpata wa pakati.

Akulu a dipatimenti yathu, bambo a imvi osalankhulalankhula, anawerenga pulaniyo n'kundifunsa, "Ba ticha, mwayesa kale?"

Ndinali ndisanayese. Ananditengera ku labu, tinawiritsa madzi, n'kundipatsa themomita ya sukulu. Inakwera mpaka 96 n'kuima. Ndinawonjezera moto, osasuntha. Ndinapsa mtima, ndinati ndi yakufa. Anandipatsa ina, nayonso 96.

"Buku lanu likamba za m'mbali mwa nyanja yamchele," anatero. "Lusaka ili pamwamba. Mpweya supanikiza kwambili kuno, ndiye madzi awila msanga."

Ndinatenga cholembera kuti ndilembe zoti ana ndikangowauza 96 poyambirira. Anandigwira dzanja.

"Konzani pulani, koma musawauze. Apimeko okha, akwiye monga mwakwiyila imwe."

Anakwiyadi, kalasi yonse, ndipo palibe anaiwala. Bambowo anatisiya kalekale. Pepala la pulani ija ndikadali nalo, lothimbirira ndi mafuta pakona. Mphunzitsi watsopano akandibweretsera pulani, funso langa ndi lomwe lija.