Stelia ndi machenjezo 914 a pa Lolemba

Stelia Kapatuka ndiye amayang'anira makompyuta ku kopaletivu yathu ya alimi a mtedza pa boma pa Mchinji. Ali ndi zaka 34. Kwawo ndi ku Guilleme. Kutayipa anaphunzirira mu ofesi ya parishi, komwe ankathandiza kulemba mayina a ana obatizidwa. Atamaliza Folomu 4 anakhala zaka zinayi pa shopu yokonza mafoni. Sukulu ya makompyuta anaichita ku Lilongwe, Loweruka lokhalokha, kupita m'mawa pa minibasi n'kubwerako madzulo. Sayankhula zambiri. Ukamufunsa funso, amayamba wafunsa lake.

Ine ndili mu komiti ya kopaletivu. Za makompyuta sindizidziwa. Ndikulemba zimene ndinaona ndi zimene anandifotokozera.

Tili ndi alembi 40 m'midzi, olemba alimi oti alandire mbewu. Mlembi aliyense ali ndi tabuleti, dzina lolowera ndi pasiwedi. Wina akalemba pasiwedi yolakwika, makina amatumiza chenjezo kwa Stelia ndi kwa manijala, a Phillip Msokera. Akalakwitsa kasanu motsatizana, akaunti yake imatsekeka kwa mphindi 15. Tsiku wamba machenjezo sapitirira 20.

Lachisanu lina mu Okotobala alembi onse anaitanidwa ku boma. Aliyense anasintha pasiwedi pa kompyuta ya mu ofesi, ndipo Stelia analetsa chizolowezi choilemba pa kapepala n'kumata kuseri kwa tabuleti. Lolemba pofika 9 koloko m'mawa, machenjezo anali 914.

A Phillip anandiimbira foni kuti ndibwere msanga. Ndinawapeza atalemba kale kalata yoimitsa ntchito a Goliati Mtsinje, mlembi wa ku Kachebere, amene wagwira nafe zaka 11. Kalata yotero sigwira ntchito popanda siginecha ya wa mu komiti.

"Onani, bambo," anatero a Phillip. "Dzina la a Goliati lokha, maulendo 371. Onse akuchokera ku netiweki ya ku Zambia. Lero m'mawa adiresi yomweyo ya ku Zambia yayesa mayina a alembi ena asanu ndi mmodzi. Mdala ameneyu wagwirizana ndi mavenda a tsidya lija. Akufuna alembetse alimi abodza, mbewu iwoloke malire."

Zinali zomveka. Ndinatulutsa cholembera. Stelia anali chiimire pakhomo.

"Bwana, mwawaimbira?" anafunsa.

"Ndiimbire wakuba kuti athawe?"

"Ndipatseni mpaka 12 koloko. Mukasaina pa 12, kalata sikhala itawola."

Ndinabweza cholembera m'thumba n'kumutsatira. Ndinkafuna kuona kuti munthu amawerenga bwanji zinthu 914 m'maola atatu.

Sanawerenge chimodzichimodzi. Anasiya maimelo aja n'kutsegula kaundula wa makinawo, momwe mumalembedwa aliyense woyesa kulowa: nthawi, dzina, adiresi ya pa intaneti kumene wachokera, chipangizo chimene wagwiritsa ntchito, ndiponso ngati walowa kapena wakanidwa. Zonsezo anaziika pa tebulo la mizere pa kompyuta n'kuyamba kuzisanja, poyamba potsata dzina, kenako potsata adiresi.

"Pasiwedi imene ayesa ikuoneka pati?" ndinafunsa.

"Silembedwa, bambo. Ikanalembedwa, ine ndikanadziwa zinsinsi za aliyense. Timangoona mayendedwe."

Anandionetsa mlembi wa ku Mkanda, mayi Enifa. 7:42, kukanidwa. Patapita masekondi 20, kukanidwa. Kenako mphindi zinayi zii. Kukanidwanso, ndiye 7:49 kulowa. Tabuleti yawo yomwe ija ya masiku onse.

"Uyu ndi munthu woiwala," anatero Stelia. "Dzina limodzi, lake lomwe, chipangizo chodziwika. Amayesa, amaima, amakanda m'mutu. Mphindi zinayi zimenezi mayi Enifa amafufuza m'chikwama kapepala kamene ndinawaletsa."

Otere anapezeka ambiri, machenjezo 164 onse pamodzi. Anawaika pambali. Mayina asanu ndi limodzi a ku Kachebere aja anagwera m'gulu lomweli: aliyense pa tabuleti yake, mosalongosoka, pakati pa 7 ndi 8 koloko, ndipo anayi anali atalowa kale. Chachilendo chinali adiresi yokha, imodzi kwa onse, ya kampani ya mafoni ya ku Zambia.

Kenako a Goliati. Apa Stelia anasendera pafupi ndi kompyuta. Anayendetsa chala pa mzere wa nthawi. 8:05, 8:10, 8:15, 8:20.

"Munthu sasunga nthawi chonchi," ndinatero. "Ndiye kuti a Phillip akunena zoona?"

"Ndi makina, inde. Koma makina a ndani? Wakuba wofuna kuthyola akaunti imodzi amayesa mothamanga, kambirimbiri pa mphindi imodzi. Uyu akuyesa kamodzi pa mphindi zisanu, kuchokera pa tabuleti imene tinawapatsa tokha. Ndipo mphindi zisanu ndi nthawi imene tabuleti imatumiza yokha mayina a alimi kuno."

Anaimba foni n'kuikweza mawu kuti ndimve.

"Bambo Goliati, mwadzuka bwanji? Ndine Stelia."

"Ndadzuka bwanji ine, mwanangu? Makina akowa andikana kuyambira m'mawa. Pasiwedi ndikulemba yolondola, ya Lachisanu ija. Sindinakalambe chotero ayi."

"Muli pati?"

"Pa khonde la golosale, pamene timakhala."

"Muli ndi ndani?"

"Tonse a zoni ino. Moni kwa Stelia, inu!" Kunamveka phokoso, wina akukuwa kuti Stelia amubwezere kapepala kake.

"Intaneti mukuitenga kuti?"

"Kwa ine, kuti kwinanso? Netiweki ya kwathu kuno imabwera ngati mlendo wa maliro, kungoonekera n'kupita. Ndili ndi simu ya ku Zambia. Ndimayatsa hotisipoti, anzangawa n'kumayamwa. Malipiro ake ndi mandasi, ndipo mnzathu Blessings sanagulepo n'kamodzi komwe."

"Bodza limenelo, madala!" anakuwa wina chapatali.

"Hotisipotiyo mumazimitsa?"

"Ndikakumbukira. Kunyumba ana amaonerapo mpira."

"Chabwino. Lachisanu mutasintha pasiwedi kuno, pa tabuleti munatuluka n'kulowanso?"

"Kutuluka kupita kuti?"

Stelia anatseka maso pang'ono. Tabuleti ya a Goliati inali itasunga pasiwedi yakale. Ikangopeza intaneti inkaitumiza yokha mphindi zisanu zilizonse, kuyambira Lachisanu madzulo, ndipo akaunti inkangotsekeka mobwerezabwereza. N'chifukwa chake ngakhale pasiwedi yolondola inkakanidwa. Anawauza azimitse hotisipoti, atuluke mu pulogalamu, iye anatsegula akaunti, iwo anayatsanso hotisipoti n'kulowa. Mzere wa mphindi zisanu unathera pomwepo.

Ndinaimirira kuti ndikauze a Phillip.

"Khalani kaye, bambo. 164 ndi 371 sizikwana 914. Kwatsala 379."

Otsalawo a Phillip sanawaone, chifukwa panalibe dzina lotuluka kambirimbiri. Anaonekera atasanjidwa potsata adiresi. Maadiresi atatu okha, osati a mafoni, koma a makompyuta obwereketsa a kunja kwa Africa. Chipangizo chosadziwika. Mayina 95, lililonse kuyesedwa kamodzi, masekondi khumi pakati, motsata alifabeti. Kenako kupuma maola angapo n'kuyambiranso. Maulendo anayi kuyambira Lamulungu masana.

"Bwanji kamodzi kokha?" ndinafunsa.

"Akudziwa kuti kasanu akaunti imatsekeka. Ndiye m'malo moyesa makiyi ambiri pa chitseko chimodzi, amatenga kiyi mmodzi n'kuyenda naye zitseko zonse. Onaninso mayinawa."

Munali mayina amene sitinakhalepo nawo, monga admin ndi test. Munali mayina a anthu a mu komiti, amene alibe n'komwe akaunti, langa lomwe. Munali alembi amene anachoka kalekale, ngakhale omwalira. Stelia anati akuganiza kuti anawatola pa lipoti lathu la pachaka limene lili pa intaneti. Munthu woiwala pasiwedi saiwala dzina lake n'kulemba la womwalira.

"Tsopano funso lenileni," anatero. "Machenjezo amanena za okanidwa okha. Wolowa saliza belu."

Anasefa kaundula kuti aonetse amene analowa kuchokera ku maadiresi atatu aja. Panatuluka mzere umodzi. Innocent Chikuse, Lolemba, 6:14 m'mawa. Innocent anasiya ntchito mu Epulo n'kupita ku Joni. Lachisanu sanalipo, choncho pasiwedi yake sinasinthidwe. Stelia anati mwina inali ikadali yoyamba ija imene ankapatsa mlembi aliyense watsopano, dzina la kopaletivu ndi chaka.

Anatseka akaunti ya Innocent, anadula aliyense amene anali mkati pa dzina limenelo, anatsekereza maadiresi atatuwo, ngakhale anati amenewo amasintha ngati malaya. Anafufuza zimene akauntiyo inachita chilowereni. Inatsegula tsamba loyamba, mphindi imodzi, basi. Palibe dzina la mlimi limene linawonjezedwa, kusinthidwa kapena kukopedwa. Anapezanso maakaunti ena anayi a anthu ochoka, nawonso anawatseka.

Nthawi inali 11:20 pamene tinalowa kwa a Phillip. Stelia anayala mapepala atatu pa desiki, gulu lililonse pepala lake, n'kufotokoza mwachidule.

"Ndiye wolakwa ndani?" anafunsa a Phillip.

"Pa akaunti ya Innocent, ndine, bwana. Ndinayenera kuitseka mu Epulo. Pasiwedi yofanana kwa onse ndinaiyambitsanso ndine. Lachisanu sindinawauze alembi kuti atuluke n'kulowanso pa matabuleti. Ena anachita okha, a Goliati sanadziwe."

"Nanga za Zambiazi? Titseke dziko lonselo, tipume."

"Mukatseka, Kachebere yense salembetsa mlimi ndi mmodzi yemwe. Ndipo akubawo sanadzere kumeneko."

A Phillip anayang'ana mapepala aja, kenako ine. Ndinawauza kuti sindisaina. Anapinda kalata ija n'kuiponya mu dirowa.

Sabata yomweyo Stelia anakonza kuti wolowa pa chipangizo chachilendo azilandira kaye nambala pa foni yake. Anasinthanso machenjezo. Oiwala amabwera pamodzi, imelo imodzi madzulo. Belu lenileni limalira adiresi imodzi ikayesa mayina ambiri, kapena wina akalowa kuchokera kumene ena akhala akukanidwa. Khonde la ku Kachebere limaliza belu limeneli pafupifupi Lolemba lililonse. Iye amayang'ana matabuleti, akaona kuti ndi athu, amapitiriza ntchito ina. Komiti inamulembera kalata yomuchenjeza pa nkhani ya Innocent. Anaiwerenga, anasaina, anafunsa kuti ndani azimuuza munthu akasiya ntchito. Panalibe amene anali ndi udindo umenewo. Tsopano ndi wanga.

A Goliati ndinawauza ndine za kalata yawo, patapita milungu iwiri, tili pa msika wa ku Kamwendo. Ndinaona kuti ndi bwino amve kwa ine kusiyana n'kumva m'mphepete. Anatsamira njinga yawo.

"Zaka 11," anatero. "Bwana sakanatha kungoimba foni?"

Ndinati amene anaimba ndi Stelia.

Ntchito akugwirabe, ndipo zoni yawo inalembetsa alimi onse nthawi isanathe. Akabwera ku boma amalowa kaye mu ofesi ya Stelia n'kukhala pansi. Kwa a Phillip amapereka moni ali pakhomo.