Wojambula Matenda wa ku Bologna

Madokotala ambiri akale a ku Bologna anaphunzirira matenda a pakhungu pa zithunzi za a Ermanno Bedeschi. Moyo wawo wonse bambowa ankajambula pamanja chikuku, zipere, mikwingwirima ndi chikasu, zoika m'mabuku a zachipatala. Odwala amene ankawakhazikira patsogolo masiku amenewo anali azungu okhaokha, ndipo osindikiza mabuku ankakonda zomwezo. "Zidzolo zifiire psuu, wophunzira azionere patali," ankatero. Za anthu a khungu la mtundu wina palibe anafunsa. Nawonso a Ermanno afunsirenji, aliyense akuwayamikira?

Akazi awo atamwalira, a Ermanno anatsala ndi mwana mmodzi yekha, Ornella, amene anakwatiwa ndi Cheikh wa ku Senegal. Ornella atabereka Malick, khanda loderapo lotengera bambo ake, kuchipatala anamutulutsa msanga. Sabata isanathe anaitana a Ermanno.

"Bambo, tamuonani. Akungogona, bere sakulifuna. Si chikasu chimenechi?"

Mkuluyo anapita nalo khandalo pawindo, n'kuliyang'ana masaya ndi pachifuwa.

"Iwe, chikasu ndinayamba kuchijambula usanabadwe. Mwana wachikasu amakhala ngati ndimu. Uyu ndi ulesi chabe, watengera ine agogo ake."

Ornella anaseka, mtima n'kukhala pansi.

Kalanga ine, chikasu chinalipo! Mmene ankathamangira naye kuchipatala, mwana akulira mokuwa, khosi atapindira kumbuyo, matenda anali atafika kale ku ubongo. Dokotala wa ana anakweza chikope cha Malick, n'kutsegula kakamwa. Choyera cha m'maso ndi nkhama zomwe zinali zachikasu. Anafotokoza mofatsa kuti khungu lakuda lili ndi utoto wake wachibadwa umene umaphimba chikasu ndi kufiira kwa magazi, n'chifukwa chake amayang'ana m'maso ndi m'kamwa, ndipo akakayika amayeza magazi. A Ermanno anamva zonsezi ali pomwepo. Malick anapulumuka, koma makutu anagontha.

Ornella sanawakalipire, ndipo chimenechi n'chimene chimawapweteka koposa. Kukalipa kukanakhala bwino. Mlungu wonse amakhala okha m'nyumba ya zii, kudikira Lamulungu kuti akadye pasita kwa mwana wawo. Kumeneko amawalandira bwinobwino, ngati mlendo.

Lamulungu lina, Malick atayamba kale kuyenda, ankangodzikanda mkono. Ornella anapinda malaya a mwanayo. Panali tizidzolo totuwa, tina toderako kuposa khungu, popanda kufiira ngakhale pang'ono. A Ermanno ananyamuka, n'kuyamba kufunafuna magalasi m'thumba. Tsopano ankadziwa poyang'ana. Ankafunitsitsa atafunsidwa, kamodzi kokha.

Ornella anamukumbatira mwanayo, n'kutembenukira kukhomo.

"Cheikh, taimbira adokotala." Kenako, osacheuka n'komwe, anati: "Khalani pansi, bambo. Khofi wanu akuzizira."