Mpata wa Mawu Atatu

Ntchito yanga ndi yosakasaka pamene anthu atseka pakamwa. Ndimalemba mawu ofotokozera anthu osaona zimene zikuchitika m'filimu: wina watsegula chitseko, wina wabisa mpeni kumbuyo. Mawuwo ayenera kulowa m'mipata imene ochita sewero asiya. Ukaponda mawu a wosewera, walakwa. Ukauza womvera kuti mayiyu wakhumudwa, walakwanso. Iwe nena kuti wawerama mutu, zokhumudwazo adziwe yekha. Ukalemba umawerenga mokweza, filimu ikuyenda, kuti uone ngati zikukwana. Nthawi zambiri sizikwana, ndiye umadula, n'kudulanso, mpaka chiganizo chitsale mafupa okhaokha.

Tsono mafilimu athu ndi a anthu olongolola. Amalankhula ngati ameza wailesi. Ngakhale pamaliro m'filimu, simupeza pamene munthu wapumira.

Ndimakhala ku Estates, m'tauni ya Kafue, ndi achimwene anga. Anagwira ntchito kufakitale mpaka shuga atawalanda maso. Nthawi imeneyo mwana wawo wamkazi anali kupulayimale, ndiye nkhope imene anatsala nayo m'mutu ndi ya kamtsikana ka yunifomu. Mwanayo anakula, n'kuyamba kugulitsa nsomba pamsika. Tsiku lina anabwera akuseka kuti anyamata ena a ku Lusaka amujambula, adzaoneka m'filimu. Tinamuseka tonse kuti tsopano tizimupatsa moni titagwada. Filimuyo isanatuluke, chifuwa chinamutenga. Tinamuika nyengo yamvula.

Chakudza sichiimba ng'oma. Filimu yomweyo ndi imene inafika m'manja mwanga kuti ndiilembere mawu. Ndinalakwitsa kuwauza achimwene. Kuyambira tsikulo, ndikangotsika minibasi n'kulowa pageti, funso linali limodzi: kodi wamupeza? Sanapemphe zambiri. Ankafuna kuti filimu ikamawulutsidwa, iwo ndi anzawo osaona amve kuti mwana wawo analimo, ndiponso amve mmene ankaonekera atakula.

Ndinamupeza. Ali pamsika wathu womwewu, kumbuyo kwa amayi awiri amene akukanganirana mwamuna. Wavala chitenje chobiriwira, kumutu wamanga duku loyera, manja ake akukulunga nsomba m'nyuzipepala. Sayang'ana kamera. Salankhula. Amayi awiriwo ndiwo atenga malo onse, mmodzi asanamalize wina wayamba kale, ndipo ndinawada ngati anandiberadi mwamuna. Ndinabwereza malowo kambirimbiri, zomvera zili m'makutu, kufunafuna poti ndilowetse mawu. Mpata unalipo umodzi wokha, pamene mayi wina akukoka mpweya kuti atukwane bwino. Ndinayesa kunena za chitenje ndi duku, koma ndisanafike pakati mayiyo anali atayambiranso. Ndinachotsa duku. Ndinachotsa chitenje. Anatsala mawu atatu: mtsikana akukulunga nsomba.

Ndinapita ku Lusaka kwa mnyamata amene anakonza filimuyo kukapempha kuti atalikitseko pang'ono malowo, kapena aimitse chithunzi ndinene zanga. Anandimvera chisoni, koma anati a pa TV anamupatsa nthawi yoti asapitirire, ndipo filimu anaitseka kale. Ndinabwerera ku Kafue nditakhala kumpando wakumbuyo, dengu la tomato la mayi wa ku Shimabala lili pamiyendo panga, ndikulira mwakachetechete ngati chitsiru.

Panalinso china chimene sindinauze munthu. Mpatawo sunali wopanda kanthu. Pamene mayi uja akukoka mpweya, kumbuyo kumamveka kutsokomola, kouma, kawiri motsatizana. Ku studio, mawu a wofotokoza akamalowa, amatsitsa phokoso la filimu kuti wofotokozayo amveke. Mawu anga atatu anakhala pamwamba penipeni pa chifuwacho. Ndinagwira njakata, koma ndinadziuza kuti chifuwa si nkhani, pamsika aliyense amatsokomola.

Tisanapereke ntchito, timaitana anthu osaona kuti amvere ndi kutiuza pamene tasokoneza. Tinakumana m'holo ya tchalitchi Loweruka masana, malata akutentha. Achimwene anavala jekete limene amavala pa maukwati. Anakhala kutsogolo, ndodo yoyera ili pakati pa miyendo. Mkangano wa pamsika utayamba, anthu anaseka kwambiri. Mawu atatu aja anadutsa ngati njinga. Filimu inapita kwina.

Patapita nthawi achimwene anandikoka dzanja.

"Afika liti?"

Ndinawanong'oneza kuti wadutsa kale, ndi uja amakulunga nsomba.

"Uja? Mtsikana chabe? Pa market pali atsikana bangati?"

Ndikanati chiyani? Dzina sindikanatchula, chifukwa m'filimumo alibe dzina, ndipo kwa ena onse m'holomo linali lopanda ntchito.

Anthu akumwa tiyi, achimwene anandiuza kuti ndibwezere malowo, koma ndichotse mawu anga. Ndinatsegula filimu yomweyo yopanda wofotokoza, n'kuwaika zomvera m'makutu. Ndinkayang'ana nkhope yawo. Amayi anakangana, mmodzi anakoka mpweya, ndipo ndinaona dzanja la achimwene likufinya ndodo.

"Ni mwana wanga uyo," anatero. "Bwezapo futi."

Ndinabwezera. Anati ndibwezerenso. Kenako anavula zomverazo n'kunena chapansipansi kuti kani chifuwa chija chinali chitayamba kale nthawi imeneyo. Anati ankachimva m'mawa uliwonse mwanayo akamatuluka, ndipo akamufunsa ankati ndi utsi wa mbaula.

Ndinawafotokozera mmene zinthu zinalili: mpata ndi umodzi, mulowe mawu anga kapena chifuwa chake, zonse ziwiri sizingatheke. Ndinawachenjeza kuti ndikachotsa mawuwo, palibe wosaona aliyense m'Zambia muno amene adzadziwe kuti kumbuyo kwa amayiwo kwaima munthu. Ndinapsa mtima ndithu, poti mawu atatuwo ndinawavutikira. Ndinayamba kuwauza za chitenje chobiriwira ndi duku, kuti mwina atengeko kenakake, popeza tsopano nthawi inalipo yambiri. Anandidula, poti chitenjecho sanamuonepo atachivala.

"Iyo green siniiziba pa yeve. Chosapo mau yako."

Ndinachotsa. Filimu inawulutsidwa, ndipo pamalo pamenepo wofotokoza sanena kanthu. Anzawo amene achimwene ankafuna kuwanyadira anamva amayi awiri akutukwanana, n'kuseka, basi. Mmodzi anawafunsa pambuyo pake kuti nanga mwana wanu uja anali pati, iwo n'kuyankha kuti anamudula.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, koma mtima unachokamo. Kale ndinkakhulupirira kuti ndimabwereka anthu maso. Tsopano ndikapeza mpata ndimayamba ndamvetsera kuti ndikufuna kukwirira ndani, ndipo nthawi zina ndimakhala kakasi mpaka a ku studio aimbe foni.

Achimwene anandipempha kuti ndiwaikire kachidutswa kaja m'foni mwawo. Ndinakana, ndinakananso, kenako ndinawaikira. M'mawa amakhala pakhonde kuwothera dzuwa, foni ili pakhutu, koma sipika yake ndi yaphokoso. Ine ndimakhala kukhitchini. Ndimamva amayi awiri aja akukangana, wina akukoka mpweya, kenako kutsokomola kawiri. Dzulo ndinangozindikira ndaima pakhomo pa chipinda chimene ankagona mwana wawo uja, kapu ya madzi ili m'manja.