Funso la Pensulo pa Ndime Yachisanu

Ndinabwerera kwathu ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1970, chifuwa chitandikana ntchito. Ku Blantyre ndinali nditagwira zaka zambiri pa kampani ina yosindikiza mabuku, ntchito yanga kuwerenga mapulufu, kutanthauza kusaka zolakwika m'zolembedwa zisanasindikizidwe. Fungo la mtovu ndi inki linandilowa m'mapapo, dokotala n'kundiuza kuti ndikapume mpweya wa kumapiri. Ndinapeza nyumba ya lendi kufupi ndi boma. Khasu sindinkalitha, bizinesi sindinkaidziwa. Ndinali ndi maso okha, ndipo ndinkanyada nawo kuposa muyeso.

Amene anandikumbukira anali mkulu wa makalaliki pa ofesi ina ya maloya ku Blantyre, munthu amene tinkadziwana kutchalitchi. Wotayipa wawo anali wachangu koma wodumpha mizere. Choncho anayamba kunditumizira maenvulopu pa positi. M'kati munkakhala zimene loya walemba pamanja, ndi pepala lotayipa. Ine ndinkaika lula pansi pa mzere, chala china papepala la loya, n'kumayenda liwu ndi liwu ngati mayi wosankha nyemba.

Miyezi yoyamba tinakangana kawiri. Ulendo wina anatumiza masamba makumi anayi n'kunena kuti abwerere mawa lake, ngati positi ya ku Ntcheu ili ndi mapiko. Ulendo wina loya mwiniwake analemba deti lolakwika pamanja, wotayipa n'kukopera momwemo, ine n'kulisiya chifukwa mapepala awiriwo ankagwirizana. Zitavuta kukhoti, mlandu unagwera ine wakutali. Ndinapsa mtima. Ndinakhala pansi n'kuwalembera kalata yoti tidziwane malire, ndipo ndinaikonza katatu kuti pasapezeke ndi kadontho komwe kolakwika.

Inali m'Chingerezi, koma mfundo zake ndikuzikumbukirabe. Ndinati ntchito yanga ndi kufananiza pepala lotayipa ndi la pamanja, kukonza masipelo, zizindikiro za m'kalembedwe, manambala a ndime, ndi kuona kuti dzina kapena nambala zalembedwa mofanana paliponse. Zimenezi ndidzakonza ndi inki yofiira. Ndinati sindine loya, sindiweruza za malamulo, ndiponso sindifufuza ngati zimene zanenedwa m'chikalata ndi zoona; zimenezo n'za ofesi ndi mwini nkhani. Ndikakayikira kanthu ndidzangolemba funso ndi pensulo m'mphepete, ndipo ofesi ili ndi ufulu wolitsata kapena kulifufuta. Masamba osapitirira makumi awiri ndidzawabweza pasanathe masiku atatu chiwalandirireni, osawerengera masiku a panjira ndi Lamlungu. Pomaliza ndinalonjeza kuti zimene ndawerenga sindidzauza munthu aliyense, ngakhale mkazi wanga.

Mkulu wa makalaliki anayankha kuti loya waikonda kalatayo, waiika m'faelo. Ndinayenda masiku angapo mapewa ali m'mwamba. Ndinkaona ngati ndadzimangira mpanda wolimba, ndipo mkazi wanga anatopa n'kumva za nzeru zanga.

Panapita pafupifupi chaka zinthu zikuyenda bwino. Kenaka, mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri, kunabwera envulopu yopyapyala ya masamba asanu ndi limodzi. Anali mapepala opempha lizi, chilolezo cha boma chobwereka malo kwa zaka zambiri, kuti munthu wina atsegule esiteti ya tirigu ndi ng'ombe cha ku Tsangano. Pamodzi nawo panali chikalata choti mwini pempholo akalumbirire chikatayipidwa bwino. Dzina lake ndinalidziwa. Anali mmodzi wa akuluakulu a chipani, wa gulu lija limene likamadutsa pa galimoto anthu ankavula zipewa asanaone n'komwe nkhope.

Ndinayamba ngati masiku onse. Tsamba lachitatu linali lofotokoza malire: kuyambira pa mlatho wamitengo, kutsata kamtsinje kukwera mpaka pa mwala waukulu wong'ambika, kukhota kulowera kunjira ya kumalire a Mozambique. Lula inaima yokha. Mwala umenewo ndinkaudziwa. Ndili mwana ndinkakhalapo poweta mbuzi, ndipo kumunsi kwake kunali munda wa achemwali anga.

Achemwali angawo ndiwo anandilera amayi atamwalira. Amuna awo anapita ku Joni kumigodi, n'kubwerako ndi chifuwa chimene chinawatenga patangotha zaka ziwiri. Anatsala ndi ana anayi ndi munda umenewo wa mbatata ya kachewere, umene unali wa amayi athu. Analibe china.

Ndime yachisanu ya chikalata cholumbirira inkati malo onsewo ndi tchire, palibe munthu wokhalapo kapena wolimapo. Ndinayang'ana pepala la loya. Mawu anali omwewo. Wotayipa anangolakwitsa chilembo chimodzi, ndipo dzanja langa linachikonza ndi inki yofiira ndisanaganize n'komwe.

Tsiku loyamba sindinagwire ntchito ina. Ndinatulutsa kope la kaboni la kalata yanga ija n'kuliwerenga, kufuna kupeza kampata. Munalibe. Ndinali nditatseka ndekha mipata yonse, mwaluso ndithu. Choonadi cha nkhani si changa. Kuuza munthu sindingauze. Chimene kalatayo inkandiloleza chinali chimodzi, pensulo. Ndiye ndinalemba m'mphepete mwa ndime yachisanu, timalemba tating'ono: kodi zatsimikizika kuti pamalopa palibe minda? Sindinalembe kuti ndikudziwa. Sindinalembe kuti wolimapo ndi mlongo wanga. Ndinaika chizindikiro cha funso pa chinthu chimene ndinalibe nacho funso.

Masiku atatu anakwana, envulopu ili pathebulo. Ndinkaganiza zokwera matola kupita ku Tsangano kukawachenjeza achemwali, kuti mwina iwo ndi anzawo akadandaule kwa bwanamkubwa mapepala asanadindidwe. Koma nkhani ikanatuluka, akanafunsa kuti mayi wosadziwa kuwerenga waimva kwa yani, ndipo ku Ntcheu konse munthu amene anaona mapepalawo ndinali ine ndekha. Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha nkhani yochepa kuposa imeneyi, osabweranso. Ndinkadziuza kuti ndikusunga lonjezo langa. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa, ndipo lonjezolo linali pobisalira pabwino.

Tsiku lachisanu kunabwera telegalamu yofunsa mapepala. Ndinawatumiza, ndipo mawa lake ndinapita ku positi ofesi kukaimba foni. Ndinadikira nthawi yaitali kuti wolumikiza mafoni andilumikize ndi ofesi ya ku Blantyre. Mkulu wa makalaliki atayankha, ndinafunsa ngati funso langa lidzafike kwa loya.

"Lifika, bambo," anatero. "Koma paja munalemba nokha kuti zoona za nkhani si mbali yanu. Kalata yanu tili nayo."

"N'chifukwa chake ndalemba ndi pensulo," ndinatero. "Koma malo amenewo ine ndimawadziwa pang'ono."

 Anatsitsa mawu. "Achimwene, izi tikulankhula pa foni, ndipo pakati pathu pali amene watilumikiza. Inu simukuwadziwa malowo. Mwamva? Mfumu ya kumeneko inadinda kale chala. Ndiponso mwachedwa masiku awiri. Mwaswa lamulo lanu lomwe, abwana sanakondwe."

Ndinapepesa. Mpaka lero zimandiwawa kuti pa foni imeneyo chimene ndinapepesa chinali kuchedwa.

Patatha sabata ziwiri mapepala aja anabweranso atatayipidwa mwatsopano, kuti ndione ngati zokonza zanga zonse zalowa. Zinalowa zonse. Anabwezanso pepala lakale loti ndifananizire, ndipo m'mphepete mwa ndime yachisanu munali poyera, pongokhala pokhakhala pamene labala anadutsa. Ndinawerenga, n'kusayina pakona monga mwa nthawi zonse, n'kubweza tsiku lomwelo. Ulendo umenewu sindinachedwe.

Miyezi inapita. Ndinapita ku Tsangano kamodzi, pa maliro a msuweni wathu, ndipo ndinagona kwa achemwali. Anandionetsa mbewu ya kachewere imene anasunga, n'kumandiseka kuti manja anga ndi ofewa ngati a wansembe. Ndinaseka nawo. Kangapo ndinafuna kuwauza za mapepala aja, n'kubwerera m'mbuyo. Mkazi wanga ankaona kuti sindikudya bwino, koma ankayesa chifuwa chayambiranso, ndipo ine ndinamusiya aganize choncho.

Mvula itayandikira, achemwali anatulukira kwathu m'mawa wina, mapazi ali fumbi lokhalokha. Anali atakwera lole ya Mswahili wina wa sitolo amene ankabwera kuboma kudzapikula katundu. Anakana kukhala pampando, anakhala pamkeka pakhonde. Titalonjerana anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi.

"Achimwene, kwabwera anthu ndi zingwe zoyezera," anatero. "Akhoma zikhomo m'munda, china pakati penipeni pa mizere. Atisiyira ichi, akuti tichoke tisanabzale. Aphunzitsi a kwathu atiwerengera, koma ine sindinakhutire. Ndati ndipite kwa mwana wa amayi anga."

Chinali chidziwitso chochokera ku ofesi ya maloya ija. Chinkati malowo tsopano ali pa lizi, ndipo aliyense wolimapo akulowerera malo a mwini. Pansi pake anakopera malire aja, mawu ndi mawu: mlatho wamitengo, kamtsinje, mwala wong'ambika. Ndinawamasulira m'Chichewa pang'onopang'ono, maso ali papepala. Iwo ankangogwedeza mutu pa malo alionse amene ndatchula.

Nditamaliza anasendera pafupi. "Paja inu ntchito yanu ndi yogwira zolakwa m'mapepala a azungu," anatero. "Anthu kwathu amanena kuti palibe chimene chimakudutsani. Tayang'anitsitsani, achimwene. Mwina alakwitsa penapake. Mwina akunena mwala wina, kapena mtsinje wina. Mukapeza ngakhale kamodzi, ine ndipita nako kwa bwanamkubwa."

Ndinalowa m'nyumba kukatenga lula ndi magalasi, chifukwa sindikanatha kuwayang'ana. Ndinabwera n'kukhala pansi pambali pawo, n'kuyendetsa lula mzere ndi mzere mpaka pansi, iwo akupenyerera chala changa ndi chikhulupiriro chonse. Ndinkadziwa kale chimene ndipeze. Ndinawerengabe kawiri.

"Palibe cholakwika, achemwali," ndinatero.

Analandira pepalalo ndi manja awiri, n'kulipinda bwinobwino m'mene linalili. "Zikomo, mwayesetsa," anatero. "Ngati mwaona inu, ndiye kuti n'zoona."

Chaka chimenecho sanabzale. Anasamukira kumunsi, cha ku Sharpevale, kumene wachibale wa malemu amuna awo anawabwereka kamunda kamchenga. Kumeneko kumatentha, kachewere sachita, ndipo malungo sanawapatse mpata. Anakhalako zaka zinayi. Nthawi zonse ndikapita kukawaona ankauza anansi awo kuti uyu ndi mlongo wanga wophunzira, amene anandithandiza pa nkhani ya munda. Anamwalira ndisanawauze.